Mudzi uli phee, koma akupindula ndani?

Akatswiri ena, potsatira Émile Durkheim wa ku France, amati mudzi uli ngati thupi. Mfumu, banja, tchalitchi ndi sukulu ndizo ziwalo zake. Chilichonse chikagwira ntchito yake, pamakhala bata. Ganizoli amalitcha funsiyonalizimu. Lili ndi nzeru ndithu: kuno ku Furancungo, anthu akakanganirana malire a munda, mfumu imaweruza, mkangano n'kutha.

Koma otsutsa amati ganizoli limakakamira zakale, chifukwa chilichonse chokhalitsa limachiyesa chothandiza. Ine ndikugwirizana nawo. Nthawi ya Apwitikizi, mafumu ena ankatolera msonkho ndi kugwira anthu kuti apite ku chibalo. Bata linalipo, koma la mantha. Choncho tikamafunsa ntchito ya mwambo, tizifunsanso kuti ukudyetsa yani ndipo ukupweteka yani.