Madiresi 12 ndi foni yodzaza: apu yochotsa zakumbuyo tisankhe iti?

Loweruka lapitali ndinali kumudzi ku Naisi, ndipo ndisanamalize n'komwe kapu ya thobwa, alamu anga anandipatsira foni yawo m'manja. Iwowa ndi telala. Anali atasoka madiresi a chitenje 12, kuwajambula onse, koma akuchita manyazi kuwaika pa Status ya WhatsApp. Nditaona zithunzizo ndinawamvetsa. Diresi lililonse linali lokongola ndithu, koma kumbuyo kwake kunali chingwe cha zochapa, mbaula, ndipo pa chithunzi china tambala anaima bwinobwino ngati nayenso akugulitsidwa.

"Alamu, inu mumadziwa za mafonizi. Ndiikireni ija yochotsa bakigiraundi, koma yaulere," anatero.

Foni yake ndi ija ambirife tili nayo: ya Android, malo onse 16 GB, otsala pafupifupi 700 MB. Bandulo inali ya WhatsApp yokha, kuphatikiza ma MB 100 a deta wamba amene anasungira za mwadzidzidzi. Makasitomala awo ambiri ndi aphunzitsi ndi amayi a ku Domasi, ku Songani ndi m'tauni mwa Zomba, anthu amene amasankha diresi poliona pa foni. Ndiye chithunzi chikaipa, ndalama ya nsalu yagona.

Mukalemba mawu akuti background remover pa Play Store, mapulogalamu amabwera mulu, onse akulonjeza zodabwitsa. Ine nyenyezi zija sindiyamba nazo. Funso langa loyamba ndi lakuti: ntchito yodula chithunziyo ikuchitikira kuti? Mapulogalamu ena amadulira m'foni mwanu momwemo. Ena amatumiza chithunzicho pa intaneti ku makompyuta a eni ake, chimakadulidwa kumeneko, n'kubwerera. Oyambawo amadya malo kamodzi kokha, tsiku loika. Achiwiriwo amadya deta pa chithunzi chilichonse, mpaka kalekale. Kudziwa kwake n'kosavuta. Zimitsani deta, tsegulani apuyo, yesani kudula chithunzi chimodzi. Ikangozungulira kapena kukuuzani kuti mulibe netiweki, mwadziwa mtundu wake.

Ndipo musaiwale kuti bandulo ya WhatsApp kapena ya Facebook, kaya ndi ya TNM kaya ya Airtel, sitsegula Play Store kapena masamba ena. Zonse zimene ndikunena apa zimalipidwa ndi deta wamba.

Tinayamba ndi njira yosafuna malo ngakhale pang'ono, remove.bg. Iyi simuika m'foni, mumangoitsegula mu Chrome, kusankha chithunzi, ndipo m'kanthawi kochepa zakumbuyo zapita. Imadula bwino zedi, ngakhale tsitsi la munthu. Koma ili ndi mitengo iwiri yobisika. Woyamba ndi wa deta. Zithunzi za alamu chilichonse chinali cha pafupifupi 3 MB, ndiye 12 zikanadya 36 MB pongotumiza, osawerengera kutsegula tsambalo ndi kubwereza pamene netiweki yagwa pakati, zomwe ku Naisi si nkhani yachilendo. Wachiwiri ndi kukula kwa chithunzi chimene umalandira mwaulere. Chimakhala chaching'ono, pafupifupi madontho 625 m'litali ndi 400 m'lifupi. Chachikulu ndi cholipira. Kwa munthu wogulitsa mbuzi mwina palibe vuto. Koma wogula diresi amakulitsa chithunzi ndi zala kuti aone msoko wa pakhosi, ndipo akapeza zachimbuuzi amaganiza kuti telala akubisa kanthu.

Pali kanzeru kamene kamathandiza pa mavuto onse awiriwa. Musanatumize, dulani chithunzicho ndi Crop ya m'foni mwanu momwemo, kuti mutsale diresi lokha ndi kampata kochepa m'mbali. Chithunzi chimapepuka, deta imapita yochepa, ndipo timadontho tochepa timene akupatsani mwaulere timathera pa diresilo, osati pa mtengo wa mango umene mukufuna kuchotsa. Ine remove.bg ndimaisungira chithunzi chimodzi kapena ziwiri zovuta, osati katundu yense. Komanso kumbukirani kuti chithunzicho chikupita pa kompyuta ya anthu ena. Diresi lili pa hang'ala lilibe nazo kanthu, koma ngati lavalidwa ndi kasitomala, yambani mwamupempha.

Alamu anafunsa za Canva, chifukwa mnzawo wa ku kwaya amapangira zikwangwani pamenepo. Canva ndi yabwino pokonza chikwangwani, koma chida chake chochotsa zakumbuyo ndi cha olipira Canva Pro, ndipo imafuna intaneti pafupifupi pa chilichonse. Picsart ndi Photoroom nazonso zili ndi mbali yaulere ndi mbali yolipira, ndipo malire ake amasinthasintha, kotero muziyesa kusunga chithunzi chimodzi mpaka kumapeto musanathere ola lonse mukukonza. Chaka chatha ine ndinaika apu ina, dzina ndisatchule, ndinakonza chithunzi mosamala kwa mphindi 20, pofika pa Save n'kundiuza kuti ndilipire kapena ndilole chidindo chawo chachikulu pakati penipeni pa chithunzi. Deta inapita, nthawi inapita, chithunzi ndinalibe.

Pa nkhani ya malo, nambala imene Play Store imaonetsa pansi pa About this app ndi ya kukula kwa chimene mukutsitsa basi. Apu ikalowa m'foni imafufuma, kenako imayamba kusunga timafayilo take. Ine ndimawerengera kawiri kapena katatu nambala yolembedwayo. Apu ya 80 MB pa foni yotsala ndi 700 MB ikhoza kulowa lero, koma pakatha sabata WhatsApp ikukana kutsitsa ngakhale uthenga wa mawu.

Pomaliza tinakhazikika pa Background Eraser. Chenjerani, mayina ofanana ndi limeneli alipo ambiri, ndiye onani pansi pa dzinalo kuti wopanga ndi handyCloset Inc. Ndi yopepuka poyerekeza ndi zinzake zija, imagwira ntchito deta itazima, ndipo sichita china chilichonse kupatula kufufuta. Kuipa kwake n'kwakuti ntchito yambiri imagwiridwa ndi chala chanu. Ili ndi zotsatsa malonda, koma zotsatsazo zimabwera kudzera pa intaneti, ndiye mukazimitsa deta pogwira ntchito mwapulumutsa ma MB ndi mtima womwe.

Diresi loyamba tinachita motere. Titatsegula chithunzi, apu inatipatsa mpata wodula m'mbali, ndipo tinadula mpaka pafupi ndi nsalu. Kenako tinasankha Auto. Chida chimenechi sichidziwa kuti diresi n'chiyani. Chimangoona mtundu wa pamene mwakhudza, n'kufufuta malo oyandikana amene ali ndi mtundu wofanana nawo. Mukakhudza khoma la mtundu umodzi, khoma lonse limachoka kamodzi. Koma kumbuyo kwa diresi lathu kunali njerwa, dothi, masamba ndi ndowa yabuluu, ndipo chitenjecho chinali ndi maluwa obiriwira. Titakhudza masamba a mango, Auto inadya ndi dzanja la diresi lomwe. Tinalibweza ndi Repair, n'kuyamba kutsata m'mphepete ndi Manual, chithunzi titachikulitsa. Diresi limodzi linatenga mphindi zoposa 15, ndipo m'mphepete munatsalabe kamzere kobiriwira. Kamzere kameneko ndiko kamaulula chithunzi chodulidwa, makamaka mukachiika pa zoyera.

Alamu anayang'ana dzuwa, n'kuyang'ana madiresi 11 otsalawo. "Ndiye tigona pompano?"

Apa m'pamene tinachita chimene tinayenera kuyamba nacho. Tinatenga nsalu yoyala pabedi, yoyera yopanda maluwa, n'kuikhoma pakhoma la pakhonde, mbali ya mthunzi. Diresi lililonse tinalipachika patsogolo pake, motalikirako pang'ono ndi nsaluyo kuti mthunzi wake usamamatire m'mphepete, ndipo tinajambulanso onse. Madiresi awiri anali ndi zoyera zambiri, ndiye amenewo tinawaika pa nsalu yakuda, poti choyera pa choyera Auto sichiona malire. Kujambula konse kunatenga theka la ola. Titabwerera mu apu, kukhudza kawiri kapena katatu kunkachotsa pafupifupi zonse, kungotsala kampata ka pakati pa dzanja ndi chiuno ndi mutu wa hang'ala. Diresi limodzi linkatha m'mphindi zitatu kapena zinayi. Musanasunge, apu imakufunsani kuti isalaze m'mphepete motani. Sankhani pang'ono chabe. Mukasalaza kwambiri, timakwinya ta m'munsi mwa diresi timadyeka.

Kunena zoona, zithunzi zinayi mwa izo zinali zabwino kale pa nsalu yoyerayo moti sitinadule n'komwe. Tinangoziwalitsa pang'ono. Amene muli kale ndi Snapseed ya Google, yomwe ndi yaulere, yopanda zotsatsa komanso yogwira ntchito popanda deta, yesani Healing pochotsa kadontho kapena msomali wa pakhoma, ndi Lens Blur pofuna kuti zakumbuyo zingozimirira osachoka. Nthawi zambiri chimene munthu akufuna n'chakuti maso a wogula asapite kwa tambala, osati kuti diresi liyandame m'malere.

Msampha womaliza uli posunga. Chithunzi chopanda kumbuyo chimasungidwa ngati PNG, ndipo m'foni mumaona timabokosi totuwa kapena mdima pamene panali khoma. Mukachitumiza pa WhatsApp ngati chithunzi wamba, chimasinthidwa kukhala JPG, mtundu umene sudziwa malo opanda kanthu, ndiye kumbuyo kumadzazidwa ndi mtundu umene simunasankhe, kawirikawiri wakuda. Diresi la nevi pa mdima, ndani aliona? Choncho ikani nokha mtundu wakumbuyo musanatumize. Background Eraser imalola kusunga ndi kumbuyo koyera ngati JPG, ndipo kwa alamu zimenezo zinakwanira. Ofuna kulemba mtengo ndi nambala ya foni angatsegule PNG ija mu PixelLab, imene anyamata ambiri opanga zikwangwani za maukwati amagwiritsa ntchito popanda deta. Ngati PNG mukuitumiza kwa wina kuti akaikonzere, tumizani ngati Document, ifika momwe ilili.

Ma PNG amalemera kuposa ma JPG, ndiye mukamaliza afufuteni, pamodzi ndi zithunzi zoyamba zija za tambala. Onaninso mu Trash kapena Recently deleted, chifukwa mafoni ambiri amasunga zofufutidwa kwa masiku 30 zikudyabe malo. Kamodzi pa sabata lowani mu Settings, Apps, sankhani apuyo, Storage, n'kudina Clear cache. Musadine Clear data mwangozi, makamaka pa WhatsApp.

Pochoka madzulo ndinayang'ana mu Settings kuti tadya zingati. Pa ma MB 100 aja panatsala oposa theka, ndipo m'foni munali apu imodzi yokha yatsopano. Ndili pa kabaza kulowera ku msewu waukulu, uthenga wa alamu unalowa: mayi wina wa ku Songani wafunsa ngati diresi la maluwa obiriwira lija lilipo la saizi 38. Nsalu yoyera ija akuti aisiya pakhoma pomwepo, bedi aona mawa.