Akuti Makina Sakondera: Yankho Lathu kwa Onena Chotero

Pali mawu amene afala kwambiri masiku ano. Amveka pa msika wa Milange, amveka kutsidya ku Limbuli, ndipo ngakhale anthu ophunzira amene tikadayembekeza kuti ayambe afunsa asanavomere akuwabwereza, kuti makina ozindikira nkhope alibe mbale, alibe chipani, salandira chiphuphu, ndipo chotero munthu amene makinawo amukana, kapena amene amuloza kuti analembetsa kawiri, ndiye kuti ndi wachinyengo basi. Tikumvetsa kumene mawuwa achokera, pakuti anthu amene anatopa ndi makalaliki okondera sangalephere kulakalaka woweruza wopanda m'mimba. Komabe ife tikuti mawuwa ndi osaona, ndipo kusaona kwake kudzagwera poyamba anthu a m'malire ngati ife, amene nkhope zathu zili kale m'makaundula a maiko awiri: pa chiphaso cha unzika ndi pa khadi lovotera kuno ku Mozambiki, ndiponso m'kaundula wa NRB ku Malawi, amene mu 2017 analemba anthu oposa 9 miliyoni pamodzi ndi zithunzi ndi zidindo za zala zawo.

Akuluakulu anati umanena chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga. Tsono tiyambe ndi m'mene makinawa aphunzirira. Palibe mmisiri amene amakhala pansi nalembera makina kuti mphuno ya uje ndi yotere. Amene amapanga pulogalamu yotereyi amaionetsa zithunzi mamiliyoni, naifunsa kuti ziwiri izi ndi munthu mmodzi kapena ndi anthu awiri, ndipo nthawi iliyonse ikalakwa manambala a m'kati mwake amasunthidwa pang'ono, kufikira italeka kulakwa pa zithunzi zimene yaonetsedwazo. Ikatha maphunziro, nkhope iliyonse imaisandutsa mndandanda wa manambala, kawirikawiri 128 kapena 512, ndipo poyerekeza mindandanda iwiri imapereka malikisi a kufanana. Malikisiwo akapitirira mulingo umene munthu anauika, makina amati ndi yemweyo. Mwana wokulira m'mudzi umodzi amasiyanitsa amalume ake onse ngakhale madzulo kuli chisisira, koma akaona alendo a khungu lina amati onse ndi ofanana, osati chifukwa cha njiru, koma chifukwa diso lake silinazolowere kumene kusiyana kwa nkhope zotero kumakhala. Makina nawonso, nkhope zimene anaziona zambiri amazitalikitsa bwino ina ndi inzake, koma zimene anaziona pang'ono amaziunjika pamodzi, ndipo manambala a anthu awiri osiyana amayandikana mpaka kudumpha mulingo uja.

Nanga anaonetsedwa nkhope za yani? Nkhokwe ya zithunzi yotchedwa Labeled Faces in the Wild, imene inatuluka mu 2007 ku yunivesite ya Massachusetts ku Amherst, ndi imene kwa zaka zambiri amisiri ankayesera mapulogalamu awo, ndipo muli zithunzi 13,233 zotoledwa m'nkhani za pa intaneti. Ofufuza ataziwerenga anapeza kuti pafupifupi 78 pa 100 zilizonse ndi za amuna, ndipo pafupifupi 84 pa 100 ndi za azungu, George W. Bush yekha alimo ka 530. Agogo aakazi a Chilomwe a m'tsinde mwa phiri la Tumbine, a mphini kumaso, a duku lofika pachipumi, amene mano akutsogolo anatha kalekale, sanajambulidwepo ndi mtolankhani wa ku Washington, ndipo makina amene anakhoza mayeso otere akhoza kutamandidwa kuti salakwa pamene nkhope ngati yawo sanaionepo.

Mu 2018 Joy Buolamwini, mwana wa makolo a ku Ghana amene ankafufuza ku MIT, ndi Timnit Gebru, wobadwira ku Ethiopia, anasonkhanitsa nkhope 1,270 za aphungu a nyumba za malamulo za Rwanda, Senegal, South Africa, Iceland, Finland ndi Sweden, nayesa nazo mapulogalamu a Microsoft, IBM ndi Face++ pa funso laling'ono lakuti uyu ndi mwamuna kapena mkazi. Pa amuna oyera khungu, pulogalamu yolakwitsa koposa sinafike ngakhale pa 1 mwa 100; pa akazi akuda khungu, kulakwa kunafika pa 34.7 mwa 100. Otsutsa amati ilo silinali funso lozindikira munthu, ndipo akunena zoona. Koma mu Disembala 2019 bungwe la boma la Amereka loona za miyeso, NIST, linatulutsa lipoti la mapulogalamu 189 a opanga 99, oyesedwa pa zithunzi zoposa 18 miliyoni, ndipo pa funso lenileni lakuti anthu awiriwa ndi mmodzi kodi, linapeza kuti kusokoneza anthu awiri osiyana kunali kochuluka koposa pa nkhope za kumadzulo ndi kum'mawa kwa Afirika ndi za kum'mawa kwa Asia, kochepa koposa pa nkhope za kum'mawa kwa Ulaya, ndipo kusiyanaku kunali kakhumi kufikira ka 100 m'mapulogalamu ambiri. Kusokonezaku kunali kochulukirapo pa akazi kuposa amuna, ndiponso pa okalamba ndi ana kuposa anthu a zaka zapakati.

M'lipoti lomwelo muli mfundo imene, kwa ife, imatha mlandu wonse. Mapulogalamu angapo opangidwa ku China sanasokoneze nkhope za kum'mawa kwa Asia monga anachitira anzawo a ku Ulaya ndi ku Amereka. Ngati vuto likadakhala pa nkhope zenizenizo, ngati kukadakhala kuti mitundu ina ya anthu Mulungu anaiumba yofanana kwambiri, makina onse akadapunthwa pamalo amodzi. Koma popeza makina amaona bwino anthu a kwawo kwa amene anawaphunzitsa, kulakwako sikuli pa cholengedwa, kuli pa maphunziro. Ndipo onani ichinso: maiko a mu Afirika amene nkhope zawo zinayesedwa mu gawo limenelo ndi Nigeria, Ghana, Liberia, Kenya, Ethiopia ndi Somalia. Mozambiki mulibe, Malawi mulibe.

Tsopano tiwerengere pamodzi, ndi manambala ongoyerekeza, kuti chiwerengero chooneka chaching'ono chimakula bwanji chikafika pa kaundula. Tinene kuti wogulitsa makina walonjeza kuti amasokoneza anthu awiri kamodzi kokha pa kuyerekeza 100,000, ndipo tinene kuti sananame, koma anayesera pa nkhope za azungu. Mayi wa ku Molumbo akafika kudzalembetsa, makina ofuna kugwira olembetsa kawiri sayerekeza nkhope yake ndi chithunzi chimodzi ayi, amaiyerekeza ndi onse a m'kaundula. Ngati muli akazi 50,000, lonjezo la wogulitsa litanthauza kuti mwina patuluka dzina limodzi lolakwika, mwina osatuluka konse. Koma ngati pa nkhope zathu kusokonezako ndi kochuluka ka 100, ndiye kamodzi pa 1,000, patuluka maina pafupifupi 50 a akazi amene makina akuti ndi iye. Pakati pawo pakhoza kukhala mng'ono wake weniweni, kapena msuweni wake wokwatiwa kutsidya kwa mtsinje wa Muloza, pakuti kuno malire anadutsa pakati pa mbumba imodzi, ndipo magazi amodzi amaumba zipumi zofanana. Kalaliki amene anauzidwa kuti makina sanama adzatani ndi mayiyu, koma kumutcha mlendo wakuba chiphaso?

Wina asati izi ndi nthano. Mu Januwale 2020 apolisi a ku Detroit anamanga Robert Williams, munthu wakuda, pakhomo pake pamaso pa mkazi wake ndi ana ake, namusunga pafupifupi maola 30 pa mlandu wakuba mawotchi umene sanauchite, chifukwa makina anafananitsa chithunzi cha pa laisensi yake ndi cha wakubayo. Mu 2023 apolisi a mzinda womwewo anamanganso Porcha Woodruff ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu. Iwowa anali m'dziko la maloya ndi manyuzipepala, ndipo nkhani zawo zinamveka. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo iwe uli pa mtunda wa makilomita oposa 300 kuchokera ku Quelimane.

Pali kulakwa kwachiwiri, kumene makina amakana mwini chiphaso kuti si iye, ndipo apa chilungamo chitikakamiza kunena kuti gwero lake kawirikawiri si maphunziro okha, komanso chithunzi. Aliyense amene anaimapo pa mzere wa kalembera akudziwa tebulo lija la pansi pa mtengo wa mango, munthu atakhala pamthunzi, kumbuyo kwake dzuwa la mwezi wa Okotobala likuswa mtengo. Kamera imadziyesa pa kuwala kwa kumbuyoko, imatsinzina, ndipo nkhope yakuda imatuluka bii, maso okha ndi mano zikuoneka, mizere ya mphuno ndi masaya itamira mumdima. NIST inapeza kuti pa zithunzi zojambulidwa podutsa malire, zimene kuwala kwake sikusamalidwa, kukana mwini kunali kochulukirapo pa anthu obadwira mu Afirika ndi ku Caribbean, makamaka okalamba. Mwana nayenso amene anajambulidwa ali ndi zaka 12 sakhala ndi nsagwada yomweyo akafika zaka 19.

Sitikuti makinawa atayidwe ku dzala. Lipoti lija linasonyezanso kuti mapulogalamu ena, makamaka okhoza koposa, anali ndi kusiyana kochepa pakati pa mitundu, ndipo makampani amene Buolamwini anawatchula maina anachepetsa zolakwa zawo pa akazi akuda asanathe chaka. Koma zimenezi zikutsimikiza mawu athu, osati a otsutsana nafe, pakuti chinthu chimene chimakonzeka anthu akadzudzula chinali cholakwika asanadzudzule, ndipo palibe angadziwe ngati makina amene afika pa boma la Milange ndi a gulu labwinolo kapena ayi pongoyang'ana bokosi lake.

Chotero tikupempha akuluakulu onse amene agula kapena adzagula makina otere, a zisankho, a ziphaso, olondera malire ndi a makampani a lamya, kuti wogulitsa asawapatse nambala imodzi yokha ya kukhoza, koma awonetse kusokoneza ndi kukana padera, za amuna padera, za akazi padera, za opitirira zaka 65 ndi za osafika zaka 20 padera, zoyesedwa pa nkhope za Alomwe, Amang'anja, Asena ndi Achuabo, ndi kamera yomweyo imene idzagwire ntchito kumudzi. Wojambula amutembenuze munthu kuti kuwala kumugwere kumaso, osati kumsana. Pa tebulo lililonse pakhale buku lolembamo onse amene makina awakana kapena kuwaloza, pamodzi ndi zaka zawo, kuti pakutha pa mwezi zioneke ngati okanidwawo ndi agogo ndi amayi okhaokha. Ndipo munthu amene makina amuloza asabwezedwe kapena kumangidwa pa umboni umenewo wokha, koma ayesedwe zidindo za zala, afunsidwe mboni ziwiri ndi mfumu ya m'mudzi mwake, zonsezo tsiku lomwelo, asanawononge ndalama ya kabaza wachiwiri.