Kalata ya Chenjezo kwa Weta Wochedwa

Kalata yoyamba ya chenjezo kwa weta wochedwachedwa ikhale ya madeti ndi mphindi, osati ya mkwiyo. Mawu akuti "mumachedwa nthawi zonse" munthu akhoza kuwakana, koma akuti "pa 3, pa 9 ndi pa 14 mwezi uno munafika mphindi 40 shifiti itayamba, anzanu atayala kale matebulo" sangawatsutse, poti buku losainira pofika likuchitira umboni. Musanailembe, khalani naye pansi mumve mbali yake, pakuti mwina amaweruka pakati pausiku nkuyembekezeka m'mamawa, ndipo pamenepo cholakwika ndi ndandanda yanu. Ena amati kuteroko nkunyengerera waulesi. Ayi, ngakhale lamulo la ntchito la m'Malawi la chaka cha 2000 limafuna kuti wantchito apatsidwe mpata wodziteteza asanachotsedwe. Kalatayo itchule ola lofikira, nthawi yomuyang'anira, tinene masabata anayi, tsiku lodzakumananso, ndi chenjezo lomaliza limene lidzatsatire akapitiriza. Asaine kuti wailandira, osati kuti wavomera mlandu, atenge kope yake. Akasintha, mulembereninso kalata yonena zimenezo, ilowe m'failo yomweyo.