Khofi si chakumwa akadali m'munda

Aphunzitsi anzanga ndi inu amene munadutsa m'manja mwanga, lero ndikufuna ndiulule cholakwa changa. Kwa zaka zambiri, ndikamachonga chimangirizo ndinkazunguliza mawu obwerezedwa ndi cholembera chofiira n'kulemba m'mbali kuti "peza mawu ena". Tsopano ndaona kuti langizo limeneli lawononga ndime zambiri kuposa zimene lakonza.

Chimene chinanditsegula maso ndi ntchito ya mtsikana wina wa Folomu 3 wochokera ku Misuku. Ndinawapatsa mutu wonena za ulimi wa kwawo, ndipo iye analemba motere:

"Alimi a ku Misuku amalima khofi. Alimi amabzala khofi m'mapiri. Khofi akapsa alimi amathyola khofi. Kenako alimi amasankha khofi ndi kulongedza khofi m'matumba. Alimi amagulitsa khofi ku kopaletivi."

M'ziganizo zisanu, "khofi" akupezeka kasanu ndi kawiri, "alimi" kasanu. Ndinazunguliza monga mwa nthawi zonse. Mawa lake mwanayo anabwera nayo ndimeyo ataikonza:

"Alimi a ku Misuku amalima khofi. Anthuwa amabzala chakumwachi m'mapiri. Mbewuyi akapsa abambo ndi amayiwa amathyola chomerachi. Kenako anamalimawa amasankha zokololazi ndi kulongedza katunduyu m'matumba."

Mwana anamvera mphunzitsi, palibe mawu amene anabwerezedwa. Koma taonani zimene zachitika. Munthu sabzala chakumwa. Sathyolanso chomera chonse, amathyola zipatso zake. Ndipo pamene anachotsa "khofi" n'kuikapo "mbewuyi", anaiwala kusintha mneni: timati khofi akapsa, koma mbewu ikapsa. Choipa kwambiri n'chakuti wowerenga sakudziwanso ngati nkhaniyi ikunena za chinthu chimodzi kapena zisanu ndi chimodzi. Ndime yoyamba ija inali yotopetsa koma yoona. Yachiwiriyi inali yokongoletsedwa koma yabodza. Wolakwa sanali mwana ayi, ndinali ine.

Maganizo anga ndi akuti pa Chichewa, mankhwala oyamba a mawu obwerezedwa si kupeza mawu ena, koma kungowachotsa. Chiyankhulo chathu chinaika kale dzina m'kati mwa mneni. Tikati "amamuthyola", a- woyambayo ndi alimi, -mu- wapakatiyo ndi khofi. Liwu limodzi lanyamula wochita, chochitidwa ndi ntchito yomwe. Kutchulanso alimi ndi khofi pambali pake kuli ngati kusenzetsa mtolo munthu amene wasenza kale.

Choncho tinakhala pansi ndi mtsikana uja n'kubwerera ku ndime yoyamba. Tinaphatikiza ziganizo ziwiri zoyambirira, popeza zonse zimanena za anthu omwewo: "Alimi a ku Misuku amalima khofi m'mapiri." Kenaka tinayesa kuchotsa mayina onse otsala: "Akapsa amamuthyola, kumusankha ndi kumulongedza m'matumba." Nditamuuza kuti awerenge mokweza, anaseka yekha. Akapsa ndani, alimi kapena khofi? Mayina awiriwa onse amatenga a- pa mneni, ndiye khutu limatha kumva ngati alimiwo ndiwo apsa.

Apa ndi pamene pali malire a njira yochotsa, ndipo apa ndi pamene mankhwala achiwiri amalowera. Dzina libwerere, koma libwere ndi kamchira kolozera: khofiyo, alimiwo, mundawo, phirilo. Kamchira kameneka kamauza wowerenga kuti ndi chomwe chija watchula kale, ndipo khutu silimvanso ngati kubwereza. Ndime yathu inatha motere:

"Alimi a ku Misuku amalima khofi m'mapiri. Khofiyo akapsa amamuthyola, kumusankha ndi kumulongedza m'matumba. Kenako amakamugulitsa ku kopaletivi."

"Khofi" watsala kawiri, "alimi" kamodzi, ndipo sitinabwereke liwu lachilendo ngakhale limodzi.

Sindikunena kuti mawu ena asamagwiritsidwe ntchito konse. Koma abwere pomaliza, ndipo akhale mawu otakata amene akukwanira chinthucho pa malo amenewo. Khofi ali m'munda tingamutche mbewu. Ali m'thumba tingamutche zokolola. Ali m'kapu ndiye chakumwa. Mawu onsewa ndi oona, koma lililonse pa nthawi yake. Ndipo mukasintha dzina, yendani chiganizo chonse kuona ngati aneni ndi afotokozi asintha nalo.

Kuno ku Chitipa nkhaniyi ili ndi kulemera kwake. Ana athu ambiri kunyumba amayankhula Chilambya, Chindali, Chisukwa, Chinyiha, Chitumbuka ndi zina, ndipo Chichewa amakumana nacho kwambiri m'kalasi ndi pa wailesi. Tikawapatsa mndandanda wa "mawu ofanana m'matanthauzo", amaukhulupirira ndi mtima wonse, chifukwa alibe agogo owadzudzula kuti mawuwo satero. Ndaonapo mwana akutcha Songwe "khwawa" pofuna kupewa kubwereza "mtsinje", chonsecho ndi mtsinje waukulu wochita malire ndi dziko la Tanzania. Ndaonapo wina akulemba kuti mbuzi "inamwalira" chifukwa "inafa" anali atalemba kale pamwamba. Wina anayamba ndi "mfumu yaikulu", m'chiganizo chotsatira n'kukhala "nyakwawa": anaitsitsa mfumu pa udindo ndi cholembera chabe. Mawu ofanana ndendende ndi ochepa kwambiri. Ambiri amasiyana kukula, ulemu kapena malo ogwirira ntchito.

Ndikudziwa chimene ena a inu munganene. Mayeso a MSCE ali pakhomo, ochonga a MANEB amafuna kuona kuti mwana ali ndi mawu ambiri, ndiye tisamuletse kuonetsa chuma chake. Nkhawa imeneyi ndikuimva. Koma dzifunseni nokha, inu amene mumachonga milu ya makope usiku: chimakukwiyitsani kwambiri n'chiyani, "mtsinje" wolembedwa katatu kapena Songwe wosanduka khwawa? Kubwereza kumatopetsa, koma liwu lolakwika ndi cholakwa, ndipo nthawi zambiri limakoka cholakwa china cha mgwirizano wa mawu. Chuma cha mawu mwana achionetse pa aneni, monga kuthyola, kusankha, kulongedza, osati posintha dzina la chinthu chimodzi kasanu.

Palinso nthawi imene kubwereza kuyenera kusiyidwa dala. Ngati m'ndime muli anthu awiri, mwachitsanzo mlimi ndi mlangizi, "iye" sathandiza, tchulani dzina. Ngati mwana akufotokoza phunziro la sayansi, feteleza akhale feteleza mpaka pamapeto. Akangomutcha "manyowa" wanena chinthu china. Ndipo mvetserani mkulu akamayankhula pa maliro kapena pa bwalo la milandu: amabwereza liwu limodzi mwadala kuti likhazikike m'mitima. Sitingamuzungulize ndi chofiira.

Masiku ano sindilembanso "peza mawu ena". Ndimalemba mafunso atatu m'mbali mwa kope. Kodi ukalichotsa liwuli, zikumvekabe? Ngati ayi, kodi kamchira kolozera kangathandize? Ngati ayinso, kodi liwu latsopanolo ndi loona pa malo ano? Kenaka mwana amawerengera mnzake mokweza, mnzakeyo osaona pepala, ndipo amamufunsa kuti wamva zinthu zingati. Akati ziwiri pamene wolemba amanena chimodzi, ndimeyo yapotoka.

Inu ophunzira anga akale amene ndinakuzungulizirani mawu popanda kukuuzani chochita, pepani. Ngati mpaka lero mumatuluka thukuta kufunafuna dzina lachiwiri la khofi mukamalemba lipoti ku ntchito, lekani. Khofi ndi khofi.