ZA M'BANJA: Ambuye Ali Kutali ku Katete

Mwambo wa makolo athu unali wakuti mtsikana akatha msinkhu sauza amai ake omubala. Ankathamangira kwa ambuye ake kapena kwa mai wina wachikulire, ndipo iwo ndiwo ankakagwada kwa makolo ndi uthenga wakuti mwana wakula. Mwambowu unkayenda bwino pamene ambuye anali m'nyumba yoyandikana. Lero ambiri a ife tikhala m'makomboni a m'tauni, ambuye anatsala kumudzi, ndipo alangizi a mumpingo amafika pokhapokha wina akawaitana. Pa masiku oyambirira aja mwana amakhala yekha. Nkhani ya mwezi uno ndi ya banja lina la ku Chawama mu Lusaka, ndipo maina tawasiya dala.

Mtsikanayo anali wa zaka 12, wa giredi 7. Lachisanu anabwera kusukulu atamanga juzi m'chiuno, nalowa m'nyumba osapereka moni. Loweruka anakana nsima. Pa Sondo, anzake ataima pamzere wokalandira Ukaristia, iye anakhalabe pabenchi atawerama. Amai ake anaona zonsezi, ndipo Lolemba m'mawa posesa anapeza kansalu kong'ambidwa ku chitenje chakale, kosauma bwino, katabisidwa kunsi kwa matiresi.

Anaima nako nthawi ndithu. Ambuye a mwanayo anali ku Katete, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi. Akanatha kuitana mai wa nyumba yoyandikana, monga achitira ambiri. Koma madzulo, atate a mwanayo atapita ku msonkhano wa mphakati ndipo ang'ono atagona, anamuitanira kukhichini, nakhala naye pafupi ndi mbaula.

"Mwanangu, zinayamba liti?"

Mtsikanayo anayamba kulira. "Lachisanu, Amai. Sindinachite kanthu ndi munthu aliyense. Ndikulumbira."

"Ndani wanena kuti unachita kanthu?"

"Anzanga amati magazi akatuluka kumeneko ndiye kuti unasewera ndi anyamata. Wina anati ndi matenda. Kodi ndidzafa?"

"Sudzafa ai. Ine amai ako ndakhala ndikuona zimenezi mwezi ndi mwezi kwa zaka zoposa 20, kupatula pamene ndinali ndi pakati ndi poyamwitsa. Asisitere a ku parishi amaziona, aphunzitsi ako akazi amaziona. Dzina lake ndi kusamba, ena amati kupita kumwezi. Tsono pukuta misozi, umve, pakuti ine palibe anandiuza bwino."

Anamufotokozera pang'onopang'ono. M'mimba mwa mkazi, m'munsi mwa mchombo, muli chibaliro, malo amene mwana amakuliramo. Mtsikana akakula, mwezi uliwonse chibalirocho chimayala mkati mwake kamphasa kofewa ka magazi, kukonzekera mwana amene angabwere, ndipo kadzira kang'ono kwambiri kamatuluka m'thumba lake. Ngati palibe pakati, kamphasa kaja kamayalulidwa nkutuluka. Palibe bala, palibe chimene chang'ambika. Magazi onse a masiku amenewo akasonkhanitsidwa sangadzaze ngakhale theka la kapu ya tiyi, kungoti pansalu amaoneka ambiri. Poyamba amakhala akuderako ngati dothi, kenaka ofiira, ndipo zonse ziwiri nzabwino.

"Adzaleka liti?"

"Kawirikawiri pakati pa masiku 2 ndi 7. Lero ndi tsiku lachinai, kotero watsala pang'ono. Tenga kalendala ya ku parishi ija."

Mtsikanayo anaichotsa pakhoma. Amai ake anamuonetsa Lachisanu lija, pa 3 Malichi, namuuza kuti aikepo kadontho ka pensulo, kakang'ono koti atate ake asafunse. "Kuwerenga kumayambira tsiku loyamba kuona magazi, osati tsiku lomaliza. Anthu amati masiku 28, koma kwa mtsikana wongoyamba kumene angabwerenso patapita masiku 21, kapena achedwe kufikira 45. Werenga wekha." Mtsikanayo anayenda ndi chala pa kalendala, napeza kuti masiku 21 akufika pa 24 Malichi, ndipo 45 akufika pa 17 Epulo.

"Ndiye sindidzadziwa tsiku lenileni?"

"Chaka choyamba ndi chachiwiri thupi limakhala likuphunzira, ndipo nthawi zina mwezi umadumpha. Kuyambira pa 24 uziyenda ndi nsalu yoyera kapena padi m'chikwama cha sukulu. Thupi limachenjezanso: mawere amalemera, m'munsi mwa mimba mumapota, msana umawawa, ndipo kanthu kakang'ono kamakukwiyitsa."

Kenaka anatulutsa kansalu kaja. Mtsikanayo anabisa nkhope. "Usachite manyazi, unachita zimene unatha. Koma nsalu yosauma imabweretsa kuyabwa ndi zilonda. Ndalama zikakhalapo ndidzakugulira mapadi, zikasowa tidzadula nsalu yofewa ya thonje. Uzisintha pakapita maola 4 kapena 6, usadikire kuti idzaze. Nsalu uziyamba kuichapa ndi madzi ozizira, pakuti otentha amaumitsa magazi m'nsalu, kenaka ndi sopo, ndipo uziyanika padzuwa. Ukaopa maso a anthu, phimbapo kachitenje kopyapyala. M'mimba mukawawa, thira madzi ofunda m'botolo, ulikulunge m'nsalu, uliike pamimba. Panadolo amathandizanso."

Tiime pang'ono apa, pakuti pali zinthu zina zimene mai aliyense ayenera kudziwa kuti nza kuchipatala, osati za kupirira. Magazi akamadzaza nsalu kapena padi pa ola limodzi kapena awiri mobwerezabwereza, akapitirira masiku 7, mwana akamachita chizungulire ndi kuyera m'maso ndi m'manja, ululu ukamamugoneka osapita kusukulu mwezi uliwonse, kapena miyezi 3 ikadutsa osaona kanthu, mpite naye ku kiliniki. Chimodzimodzi mtsikana amene wakwanitsa zaka 15 asanayambe. Tamva amai ambiri akunena kuti ukazi ndi kupirira, ndipo mau amenewa agoneka ana odwala m'nyumba pamene mankhwala alipo.

Mtsikanayo anakhala chete, kenaka anafunsa chimene chinamusautsa koposa. "Amai, dzulo sindinalandire. Mnzanga anati munthu wotero ndi wodetsedwa, akalandira achimwa."

Amai ake anapukusa mutu. "Tchimo ndi chimene munthu wasankha kuchita. Kodi iwe unasankha? Sondo likudzali ukalandire, ndipo ine ndidzaima pambuyo pako."

Mai ameneyu sanaphunzire za Mulungu kusukulu iliyonse, koma anayankha molondola. Nzoona kuti buku la Levitiko, mutu 15, linkamuyesa mkazi wosamba wodetsedwa masiku 7, koma malamulo amenewo a kuyeretsedwa kwa Aisraele satimanga ife Akristu. Pa Marko 5 timawerenga za mai amene anataya magazi zaka 12. Anakhudza chovala cha Yesu pakati pa khamu, ndipo Yesu sanamukalipire, anamuitana ngati mwana wake. Funso la mtsikana wa ku Chawama linafunsidwanso kale ndi Augustino, episkopi woyamba wa ku Canterbury, ndipo yankho la Papa Gregori Wamkulu la m'chaka cha 601 linali lakuti mkazi wosamba asaletsedwe kulowa m'tchalitchi kapena kulandira Ukaristia, popeza za chibadwa sizingakhale mlandu. Papita zaka zoposa 1,400, koma m'miphakati yathu mudakali anthu ophunzitsa zosiyana ndi zimenezi.

"Nanga za mchere?" anafunsa mtsikanayo. "Amati ndikathira mchere m'ndiwo atate adzadwala chifuwa."

Apa amai ake anaseka pang'ono, kenaka nkhope inagwa. "Ine anandiuza zomwezo. Ndinali ndi zaka 14. Anandisunga m'nyumba, anandiuza za mchere, za mdulo, za kugwada popereka madzi, ndi kuti ndisalowenso kuchipinda kwa makolo. Za ulemu zinali zabwino ndipo ndidzakuphunzitsa. Za mchere, ndaphikira atate ako zaka zonsezi, mwezi uliwonse, ndipo uwaona mmene alili. Tikapita kumudzi, ambuye ako akakuuza kuti upatse mng'ono wako athire mchere, usakangane nawo, ndi nyumba yawo. Koma usanyamule mantha mumtima."

Anasonkhezera makala ngakhale moto unali bwino.

"Chimene sanandiuze ndi ichi. Anangoti, wakula, usasewere ndi anyamata. Ine ndinayesa kuti anena masewera a mpira ndi chibisalirano. Mnyamata wina anandiuza kuti kamodzi kokha sikapereka pakati, ndipo ndinamukhulupirira, pakuti panalibe wina wondiuza zoona. Ndinali ndi zaka 16, mu giredi 9. Mwanayo sanakhale moyo, ndipo kusukulu sindinabwererenso. Atate ako adziwa. Iwe sunadziwe kufikira lero."

Mtsikanayo anawayang'ana amai ake ngati akuwaona koyamba.

"Tsono ndikuuza mosabisa. Kuyambira tsopano, mwamuna akagona nawe ungathe kutenga pakati, ngakhale kamodzi, ngakhale mwezi wako usanakhazikike, ndipo ungatengenso matenda. Timadontho ta pa kalendala ndi tokuthandiza kukonzekera nsalu, sitikuuza tsiku limene sungatenge pakati. Thupi lako layamba nchito yake, koma silinakhwime kuti libale, ndipo iwe ukali mwana wa sukulu. Wina akakugwira mosayenera, kaya ndi mphunzitsi, kaya ndi wachibale, kaya wakupatsa ndalama nakuopseza, ubwere kwa ine tsiku lomwelo. Sindidzakumenya."

Tiwonjezepo ife kuti kumidzi ina kutha msinkhu kwa mtsikana kumamveka ngati belu loitana ofunsira. Kuyambira chaka cha 2023 lamulo la dziko lathu silizindikira ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, ngakhale ukwati wa mwambo.

"Kodi muwauza atate?"

"Ndiwauza ine, mwa njira yake. Sadzakufunsa kanthu, koma adziwe chifukwa chake ndalama ya sopo ikwera. Ambuye ako tidzawatumizira mau, ndipo pa holide alangizi a ku parishi adzakhala nawe. Akakuuza chimene sunamvetse, kapena chokuopsa, udzabwere tidzachimasule awiri."

Panja panamveka mapazi ndi kutsokomola kwa atate akubwera ku mphakati. Amai anapinda kansalu kaja mofulumira nakaika m'chitenje. Mtsikanayo anabweza kalendala pa msomali wake.

"Mawa sukulu," anatero amai ake. "Pali mayeso a masamu, si choncho? Kagoneni, a Naphiri."

Mtsikanayo anatembenuka pakhomo la chipinda, pakuti chibadwire anali asanaitanidwepo ndi dzina la mfunda. Kenaka analowa.