NDEMANGA: Ana a sukulu aphunzire cifukwa cake thumba lotseka limapha nankafumbwe

Ku dera la Mfumu Yaikulu Mwase ku Lundazi, monganso m'madera ena a Cigawo ca Kum'mawa, mlimi amawerenga matumba ake mu Juni koma njala amaiona mu Januwale. Pakati pa miyezi iwiriyi pamagwa cionongeko cimene sicimveka ngati matalala kapena cilala. Mai akapita kukatapa cimanga ca kucigayo amapeza njere zobooka, ufa wayoyokera pansi pa thumba ndiponso fungo la cuku. Matumba otseka mpweya, monga aja ochedwa PICS, afika m'masitolo, koma mabanja ena amene anawagula anaonongekerwabe cimanga cifukwa anangouzidwa kuti amange thumba, osauzidwa cimene cimacitika m'kati mwake. Nyuzipepala ino ikuona kuti nchito yofotokoza zimenezi ndi ya sukulu, pakuti mwana wa sukulu ndiye amene makolo amamuitana kuti awerenge malemba a pa thumba.

Ciyambi ca nkhani yonse ndi madzi a m'njere. Cimanga cimakhwima cikadali ndi madzi okwana magawo 30 pa 100 kapena kupitirira, ndipo cimauma pang'onopang'ono pa phesi ndi pa mkukwe. Cosungika bwino ndi cimene madzi ake atsika kufika pa magawo 13 pa 100. Bungwe la Boma logula cakudya la FRA limafuna magawo 12.5, ndipo ici ndico cifukwa cake limacedwa kutsegula misika, ngakhale alimi amadandaula. Madzi akapitirira magawo 14 kapena 15, mpweya wa pakati pa njere umakhala wacinyontho cokwanira kuti cuku cimere. Cuku cina cimatulutsa poizoni wochedwa afulatokisini, amene sacoka ndi kuphika. Ku Kenya mu 2004 anthu 125 anafa atadya cimanga cotere, ndipo muno m'Zambia mu Ogasiti 2024 Unduna wa Zaumoyo unalengeza kuti poizoniyu anapezeka mu ufa wa zigayo zina, agalu pafupifupi 400 atafa.

Pali masamu amene wophunzira aliyense ayenera kuwacita ndi dzanja lake. Banja lina litatonola matumba 20 a makilogalamu 50, ndiye kuti lili ndi makilogalamu 1,000. Ngati madzi ali pa magawo 18 pa 100, madziwo ndi makilogalamu 180 ndipo cakudya ceniceni ndi makilogalamu 820. Cimangaco cikayanikidwa mpaka kufika pa 12.5, makilogalamu 820 aja sasintha, koma tsopano ali magawo 87.5 pa 100 a kulemera konse. Kugawa 820 ndi 0.875 kumapereka makilogalamu 937. Sikelo idzaonetsa kuti makilogalamu 63 asowa, thumba limodzi ndi pang'ono, ndipo bambo wa pa nyumbapo adzaganiza kuti waluza. Koma cimene cauluka ndi madzi okhaokha. Amene amaopa makilogalamu 63 amenewa n'kulonga cimanga ciwisi amaika pa ngozi makilogalamu 820 onse.

Makina oyesera cinyontho sapezeka m'mudzi uliwonse. Akuluakulu amaluma njere, ndipo ikasweka ndi phokoso louma amati cauma. Njira ya mcere ndi yodalirika kuposa mano. Munthu amayanika mcere pa dzuwa mpaka uume gwa, n'kuuthira m'botolo lagalasi louma pamodzi ndi cimanga codzaza dzanja, n'kutseka, n'kukhuchumula, n'kulisiya kanthawi. Mcere ukamamatira m'mbali mwa botolo, madzi akadali pafupi ndi magawo 15 kapena kuposa. Njirayi siitha kusiyanitsa 14 ndi 12.5, cotero ngakhale mcere usamamatire, ndi nzeru kuonjeza tsiku limodzi kapena awiri a dzuwa, cimanga cili pa mphasa kapena pa tenti, osati pa dothi.

Nankafumbwe salowa m'thumba pambuyo pokha. Kawirikawiri amabwera ndi cimanga kucokera ku munda. Wamkazi amaboola njere, n'kuikira dzira, n'kumata pabowopo, ndipo mphutsi imadya m'kati mosaoneka mpaka itatuluka patapita mwezi umodzi kapena kupitirira pang'ono nyengo ikakhala yofunda. N'cifukwa cake cimanga cooneka coyera mu Julaye cimadzaza anankafumbwe kutentha kwa Okutobala kukafika. Woopsa koposa ndi nankafumbwe wamkulu, amene kwao ndi ku Amereka wa pakati. Iye anaoneka ku Tanzania kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, nalowa m'Zambia mu 1993. Amakonda cimanga cosatonola ca m'nkhokwe, ndipo amaboola ngakhale mitengo ya nkhokweyo.

Tizilombo tonseti timapuma. Apa ndi pamene pagona nzeru ya thumba lotseka, imene akatswiri a Yunivesite ya Purdue ku Amereka anayamba kuiyesa pa khobwe ku Cameroon kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Thumba la PICS lili ndi mapulasitiki awiri ocindikala m'kati ndi saka kunja. Cimanga ca makilogalamu 50 cimatenga malo pafupifupi malita 70, ndipo mipata ya pakati pa njere imasunga mpweya wa malita ngati 28. Okosijeni ndi magawo 21 pa 100 a mpweya, ndiye kuti m'thumba lonse muli malita 6 cabe. Thumba likamangidwa bwino, tizilombo timagwiritsa nchito okosijeniyo popanda wina wolowa. Akatsika kufika pa magawo 5 pa 100 kapena kuceperapo, timaleka kudya ndi kuswana, kenaka timafa. Cocititsa cidwi n'cakuti tambiri timafa ndi ludzu, pakuti madzi a m'thupi mwao timawapeza pogaya cakudya ndi okosijeni. Palibe mankhwala othira, ndipo mdani amadzimalizira yekha mpweya.

Wodziwa zimenezi safunika kuloweza malamulo. Amazindikira yekha kuti cimanga ciyenera kupetedwa kuti zidutswa za zitsononkho zisabaye pulasitiki. Kuti pulasitiki iliyonse imafinyidwa kucotsa mpweya n'kumangidwa payokha. Kuti thumba lodzaza theka lili ndi mpweya wambiri. Ndi kuti kulimasula sabata iliyonse ndiko kupatsanso nankafumbwe moyo. Cimanga ca kudya mwezi uno cikhale m'thumba lake lapadera. Amazindikiranso malire a njirayi. Khoswe akaluma pulasitiki, kapena nankafumbwe wamkulu akaiboola kucokera ku nkhokwe yakale yapafupi, thumbalo lasanduka saka wamba. Ndipo thumba lotseka siliumitsa kanthu. Cimanga ciwisi cikatsekeredwa cimasasa, cimanunkha ngati mowa, pulasitiki imacita thukuta m'kati, ndipo njere zake sizimeranso bwino. Alimi ena amene amanyoza matumbawa anagwa m'mbuna imeneyi.

Aphunzitsi a sayansi ya zaulimi m'sukulu za kwa Mwase safunika ndalama zambiri kuti aonetse zonsezi. Mabotolo atatu apulasitiki ndi okwana. Loyamba lidzazidwe mpaka pakhosi ndi cimanga couma cokhala ndi anankafumbwe amoyo 20, litsekedwe zolimba ndi kumatidwa pacivundikiro. Laciwiri likhale ndi zomwezo koma lophimbidwa ndi nsalu yokha. Lacitatu likhale ndi cimanga cimene canyikidwa m'madzi usiku umodzi, nalonso lotsekedwa. Ophunzira alembe zimene akuona sabata iliyonse, ndipo patapita masabata asanu ndi atatu atsegule, awerenge tizilombo tamoyo ndi njere zobooka, anunkhize, n'kubzala njere 50 za botolo lililonse m'mcenga wonyowa kuti aone zimene zamera. Mabotolowo akadzazidwa mu Juni, tsiku lowatsegula lidzagwa mu Ogasiti, ndipo aphunzitsi aakulu adzacita bwino kuitana makolo, anyakwawa ndi mlangizi wa zaulimi wa deralo kuti adzawerenge pamodzi ndi ana.