Kusapereka notisi si chilolezo chochotsa munthu popanda chifukwa

Kalata yochotsa munthu amene ali pa pulobeshoni imalembedwa mwachidule kwambiri m'mahotela ndi m'malo ogona alendo a ku Senga Bay, monganso kwina konse m'Malawi. Kawirikawiri imangonena kuti ntchito ya munthuyo sinakhutiritse mabwana, ndipo asiye lero lomwe. Olemba ntchito amadalira gawo 26 la lamulo la za ntchito la 2000, lomwe limalola kuti pa nthawi yoyesedwa mbali iliyonse ithetse mgwirizano popanda notisi. Amawerengera pomwepo n'kutseka buku, ndipo apa m'pamene amalakwitsa.

Gawo lomwelo lili ndi malire ake. Pulobeshoni ndi ya wantchito waluso, iyenera kukhala yogwirizana mbali zonse ziwiri, ndipo isapitirire miyezi 12. Bwana amene wayamba kutchula za pulobeshoni tsiku lochotsa munthu, pamene mumgwirizano munalibe, alibe poyimira. Kupitirira apo, gawo 57 limati munthu asachotsedwe ntchito popanda chifukwa chomveka chokhudza luso lake, khalidwe lake kapena zosowa za kampani, komanso kuti ngati nkhani ndi ya luso kapena khalidwe, ayambe wapatsidwa mpata wodziteteza. Gawoli silikupatula woyesedwa. Chimene bwana wamasulidwa ndi notisi yokha basi.

Tiyerekeze wophika amene walembedwa pa loji ina ya m'mbali mwa nyanja pa pulobeshoni ya miyezi itatu, akugwira masiku asanu ndi limodzi pa sabata. Chakudya chikumachedwa, ndipo chambo chabwezedwa kukhitchini kangapo chili chosapsa mkati. Kalata yolembedwa bwino imayamba ndi tsiku limene anayamba ntchito ndi ndime ya mgwirizano yonena za pulobeshoni. Kenaka imatchula zimene ankayembekezeredwa, mwachitsanzo kuti mbale ifike patebulo pasanathe mphindi 30, ndi masiku amene analephera kutero. Imanenanso tsiku limene anachenjezedwa, thandizo limene anapatsidwa, monga kugwira pansi pa mkulu wa ophika kwa sabata ziwiri, ndi tsiku limene anaitanidwa kudzafotokoza mbali yake.

Pamenepa m'pamene pagona nkhani. Wophikayo akhoza kuyankha kuti magetsi ankazima nthawi ya nkhomaliro, gasi anali atatha, ndipo ankaphikira gulu lonse la anthu a msonkhano pa mbaula ziwiri za makala. Kalata yachilungamo imalemba yankholi ndi kufotokoza chifukwa chake silinakwanire, mwina poti ophika ena ankakwanitsa pa mbaula zomwezo. Ngati bwana sangathe kulemba chiganizo chimenecho moona mtima, ndiye kuti vuto lili m'khitchini yake, osati mwa wophika. Kalata yopanda tsiku ngakhale limodzi la chenjezo imadziulula yokha kuti chigamulo chinapangidwa kale, chifukwa chake n'kuchita kufunafuna pambuyo.

Kunyanja kuno kuli chinyengo china chodziwika. Alendo amachuluka pa Khirisimasi, pa Pasaka ndi nthawi ya misonkhano, kenaka zipinda zimakhala pululu. Ena amalemba anthu pa pulobeshoni kuti adutse nawo nyengo yotanganidwayo, alendo akachepa n'kuwalembera kuti ntchito yawalephera. Uku n'kunamizira munthu, ndipo bodzalo limamutsatira kumene akukafunsira ntchito ina. Kukhala woyembekezera, kudwala kwa masiku ochepa kapena kulowa bungwe la apantchito sizingabisidwenso m'mawu akuti "kusagwira bwino ntchito", pakuti lamulo limakaniratu zifukwa zimenezi.

Za ndalama kalatayo inene mosabisa. Woyesedwa salandira ndalama ya kutha kwa ntchito ya pa gawo 35, koma malipiro a masiku onse amene wagwira ndi ake, pamodzi ndi tchuthi chimene sanapite. Wogwira masiku asanu ndi limodzi pa sabata ali ndi masiku 18 a tchuthi pa chaka, choncho miyezi itatu ya wophika uja ikumupatsa masiku anayi ndi theka. Zonsezi zilipidwe pasanathe masiku asanu ndi awiri. Akapempha setifiketi yosonyeza kuti anagwirapo ntchito, apatsidwe, ndipo musalembedwe ndemanga pa kagwiridwe kake pokhapokha atapempha yekha.

Olemba ntchito ena amadandaula kuti zonsezi n'zolemetsa pa munthu wa miyezi itatu yokha. Koma gawo 61 limaika udindo wopereka chifukwa pa bwana, ndipo akalephera, kuchotsako kumatengedwa kuti n'kosayenera. Wochotsedwa ali ndi miyezi itatu yokadandaula ku ofesi ya leba pa boma la Salima, ndipo nkhani ikakanika kumeneko imapita ku khoti loona za ntchito, komwe kalata ija imakawerengedwa ngati umboni.